Ntchito ya chifupikitso: Chuku mu nsawa

Chinyanja, Giredi 9B. Malikisi 20. Makope afike pa tebulo langa Lachisanu m'mawa, belu loyamba lisanalire.

Ana anga, sabata yatha ndinachonga makope 46, ndipo ambiri mwa inu munangotola chiganizo choyamba cha ndime iliyonse n'kuzilumikiza. Zinandipweteka mtima, chifukwa pa nthawi yopuma ndimakumvani mukufotokozerana nkhani ya mpira wonse m'mawu ochepa okoma, koma mukagwira cholembera mumachita mantha ndi mawu anu omwe. Ulendo uno ndasankha nkhani ya nsawa dala. Palibe mwa inu amene sanathotholeko kapena kuswa nsawa pakhonde, choncho mawu oifotokozera muli nawo kale. Werengani kawiri, kachiwiriko modekha.

Nkhani

Chigawo cha Kum'mawa ndicho nkhokwe ya nsawa m'dziko la Zambia. Kuyambira ku Petauke, Katete, Chipata mpaka ku Lundazi, mabanja ambiri amalima mbewuyi, ndipo mtundu wa Chalimbana ndi wotchuka chifukwa cha maso ake akuluakulu. Nsawa zimatendera ndiwo, zimalowa m'phala la mwana, zimalipira yunifolomu ndi makope, komanso zimabwezera chonde m'nthaka.

Koma mbewuyi ili ndi mdani wobisala. Nsawa zikakhala pa chinyezi zimachita chuku, ndipo mtundu wina wa chuku umatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, chiwindi chimawonongeka mpaka kudwala khansa, ndipo ana amapinimbira. Chimanga nachonso chimagwidwa: mu 2024 boma linachenjeza anthu za poizoniyu mu ufa wina wa pa msika, agalu ambiri atafa.

Vutoli limayambira m'munda momwe. Mvula ikadula msanga nsawa zisanakhwime, kapena chiswe chikaboola makoko, chuku chimapeza polowera. Kuchedwa kukumba nako kumaonjezera. Komabe zolakwa zambiri zimachitika pakhomo. Ena amayanika nsawa pa dothi, mame n'kumazigwera usiku wonse. Ena amaziwaza madzi kuti makoko afewe poswa, kapena kuti thumba lilemere pa sikelo ya venda, kenako n'kuzitsekera m'thumba zisanaume. Chomvetsa chisoni n'chakuti nsawa zabwino zimapita ku msika, pamene zonyala ndi zowola, zomwe zimakhala ndi poizoni wambiri, zimatsala pakhomo n'kusinjidwa kuti zilowe m'phala la ana.

Alangizi a zaulimi, pamodzi ndi akatswiri a ku Msekera kufupi ndi Chipata, amalimbikitsa alimi kubzala ndi mvula yoyamba ndi kukumba nsawa zikangokhwima. Zizulidwe ndi kuumitsidwa zisakukhudza dothi lonyowa, mpaka zizilira m'makoko zikagwedezedwa. Zisungidwe ndi makoko ake m'matumba olowa mpweya, pa thandala, kutali ndi khoma. Zowola zitayidwe, osazipereka ngakhale kwa nkhuku.

Chochita

Fupikitsani nkhaniyi m'ziganizo zinayi, mawu onse asapitirire 70. Ziganizozo zikhale ndime imodzi, ndipo muipatse mutu wanuwanu. Wowerenga amene sanaione nkhaniyi adziwe kufunika kwa nsawa, kuopsa kwa chuku, chimene chimachibweretsa ndi mmene mlimi angachipewere.

Musanalembe, vundikirani pepalali pa desiki, mufotokozere mnzanu wa pambali nkhani yonse ngati mukuuza agogo anu amene sanapite ku sukulu. Zimene mwanenazo ndizo mulembe. Mukatha ndiye mutembenuze pepala kuti muone ngati mwasiya mfundo yaikulu.

Taonani mmene ndime yoyamba ingafupikire. Ili ndi maina a maboma anayi, mtundu wa Chalimbana, ndiwo, phala, yunifolomu, makope ndi chonde. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi: "Mabanja ambiri a Kum'mawa amadalira nsawa pa chakudya, ndalama ndi chonde cha m'munda." Mawu 13 okha. Phala ndi ndiwo zalowa m'mawu akuti chakudya, yunifolomu ndi makope zasanduka ndalama, ndipo maina a maboma ndawasiya chifukwa ndi zitsanzo chabe. Chiganizo changachi musachikopere, pezani chanu. Ndime yachitatu ndiyo idzakuvuteni, poti zolakwa zatchulidwa zambiri. Dzifunseni kuti n'chiyani chikugwirizanitsa mame, kuwaza madzi ndi thumba lotsekedwa msanga.

Mfundo zinayi zija zili ndi malikisi 12, mawu anuanu 5, ndipo kalembedwe ndi zizindikiro za m'kalembedwe 3. Mawu monga nsawa, chuku ndi afulatokisini mukhoza kuwagwiritsa ntchito momwe alili. Koma ndikapeza mawu asanu ondondozana otengedwa m'nkhaniyi, chiganizocho sindichiwerengera. Maganizo anu pa za mavenda, ngakhale ndikudziwa kuti muli nawo ambiri, muwasungire mtsutso wa Lachitatu. Pansi pa ndime yanu mulembe chiwerengero cha mawu amene mwagwiritsa ntchito.