Mawu a pakati pa chimwemwe ndi chisoni: pepala loti umate m'kope lako

Mng'ono wanga,

Lamlungu lija unandionetsa kope lako n'kudandaula kuti masamba onse akufanana. Ndinawerenga masamba 23 amene unandilola, ndipo sunaname. Masamba 14 akuyamba ndi "lero zinali bwino", 9 otsalawo ndi "lero sizinali bwino". Chikhalirecho m'masabata atatu amenewo unayamba ntchito yatsopano, unayamba kugona m'chipinda cha wekha koyamba chibadwire, ndipo mnzako wapamtima uja anasiya kuyankha mauthenga ako. Zonsezi sizingakwane m'mawu awiri.

Ndakusanjira mawu awa kuyambira pamwamba kutsikira pansi, ngati makwerero. Kasanjidweka ndi kanga, ndipo pena udzatsutsa. Ukatsutsa, fufuta nambala, ulembe yako. Madzulo ulionse sankha liwu limodzi kapena awiri, kenako ulembe chimene chachititsa.

Pamwamba

1. Chimwemwe chodzaza tsaya. Thupi lonse limadziwa, sukhazikika, ukufuna wina woti umuuze. Liwu ili uliumire. Pa chaka likhoza kupezeka kanayi kapena kasanu, ndipo ukamalilemba tsiku lililonse labwino lidzasukuluka.

2. Kusangalala. Kumakhala ndi phokoso, kuseka, nthawi zambiri pali anthu ena. Woona amadziwira patali.

3. Kukondwa. Ambiri amati n'chimodzimodzi ndi kusangalala, koma ine m'kope langa ndimasiyanitsa. Kukondwa kumayankha chinthu chimodzi chodziwika: wina wakukumbukira, uthenga umene umadikira wafika. Ukhoza kukondwa uli wekha, osatulutsa mawu, nkhope yokha ili mwee.

4. Kunyadira. Kukondwa kumene kuli ndi dzina lako kapena la munthu wako mkati. Usachite nako manyazi, m'kope mulibe wokunena kuti ukudzitama. Tsiku lija anakusiyira ntchito wekha n'kuimaliza popanda kufunsa aliyense, iwe unalemba "zinali bwino". Kumeneko kunali kunyadira.

5. Mtima kuti myaa. Wakhutira, palibe chimene ukufunanso pa nthawi imeneyo. Sukudumpha, koma wina atati tisinthane tsikuli ungakane.

6. Kuyamika. Kukondwa koyang'ana kwa amene wakuchitira zabwino. Ukalemba liwu ili, ulembenso kuti ukuyamika ndani.

7. Kupepukidwa, kapena kuti mtima wakhala pansi. Ili n'losiyana ndi onse apamwambawa, chifukwa silibwera ndi chabwino chatsopano ayi. Limabwera choipa chimene umaopa chikalephera kuchitika: zotsatira za kuchipatala zatuluka bwino, chiphaso chimene unkati chatayika chapezeka m'thumba la malaya ena. Umapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Nthawi zina misozi imabwera pomwepa, osati pamene unali pa mantha. Usadabwe nayo.

8. Chiyembekezo. Zinthu sizinakhale bwino, koma kutsogolo kukuoneka kuwala pang'ono.

9. Phee. Bata la mumtima. Palibe chokondweretsa chapadera, palibenso chokukanda.

Pakati, pamene masiku ambiri amathera

10. Choncho. Monga timayankhira moni: "ndili choncho". Apa ndiye pakati penipeni. Ndi yankho loona ndithu, koma ndikuchenjeze: ndi pobisalira pabwino kwambiri. Ukalilemba masiku atatu otsatizana, dzifunse ngati si liwu lina la m'munsimu limene ukulizemba.

11. Zii. Ili ndi phee amafanana ngati mapasa, ndipo ndinatha zaka ndikuwasokoneza. Onse ndi chete. Koma phee ndi chete amene ukumufuna, pamene zii ndi chete wosowa kanthu, ngati nyumba alendo atangochoka. Sukumva kukoma, sukumva kuwawa. Njira yanga yosiyanitsira ndi iyi: foni italira pompano, ndingaipidwe kapena ndingathamangire? Ndikaipidwa, ndinali phee. Ndikathamangira, kunali zii.

12. Kunyong'onyeka. Nthawi siikuyenda, chilichonse chimene wagwira ukuchisiya. Umatsegula buku, n'kutseka, n'kuyang'ana foni, n'kuiika pansi.

13. Kupukwa. Kulakalaka munthu kapena malo amene uli nawo kutali. Ndinavutika kuti ndiliike pati, chifukwa lili ndi mbali ziwiri, kuwawa ndi kukoma pamodzi. Sungapukwe chinthu chimene sunachikonde. Usiku woyamba m'chipinda chako chija unalemba kuti unayala bedi, n'kukhala pamphepete pake, n'kumadikira kumva Amayi akutsokomola kuseri kwa khoma monga amachitira asanagone. Pansi pake unaika "sizinali bwino". Ine ndikanalemba "ndapukwa", chifukwa liwu limeneli likusunga Amayi m'chiganizomo, pamene linalo likuwachotsamo.

14. Kusungulumwa. Kuli pansi pa kupukwa chifukwa kulibe nkhope ya munthu mmodzi. Wopukwa amadziwa amene akumufuna. Wosungulumwa amangoona kuti palibe womumvetsa, ndipo zimachitika ngakhale pagulu, anthu akuseka mbali zonse.

15. Mtima uli m'mwamba, kuda nkhawa. Kunena zoona, ili likukana kukhala pa makwerero amenewa. Katswiri wina wa za maganizo, James Russell, mu 1980 anasanja mawu a mmene timamvera mozungulira ngati bwalo, poyang'ana zinthu ziwiri: kukoma kapena kuipa kwake, ndiponso ngati thupi lagalamuka kapena lazizira. Nkhawa ndi yosakoma koma thupi lili tcheru, mtima ukugunda, tulo tathawa. Mphwayi, imene ikubwerayi, ndi yosakomanso koma thupi lagona. Choncho pambali pa liwu lililonse ukhoza kujambula kamuvi koloza m'mwamba kapena pansi, kosonyeza mphamvu za thupi tsiku limenelo. Mkwiyo ndi nsanje ndazisiya dala pa chifukwa chomwechi. Zimenezo zimafuna pepala lakelake.

16. Mphwayi, kugwa ulesi. Ukudziwa choyenera kuchita, manja akukana. Usanalembe ili, uyambe wadzifunsa kuti wagona maola angati. Kutopa kumadziwa kuvala malaya a mphwayi.

Potsika

17. Kukhumudwa. Ili ndiye limene timalisenzetsa katundu wa mawu ena onse. Wina akatinyoza, takhumudwa. Wachibale akamwalira, takhumudwa. Mvula ikatinyowetsa, takhumudwanso. Kumbukira kuti liwuli limanenanso za phazi: ukuyenda bwinobwino, chala n'kugunda mwala umene sunauone. Ulisungire zotero, pamene umayembekezera china n'kupeza china. Kumapweteka msanga, ndipo nthawi zambiri mawa lake umayenda ndithu, ngakhale motsimphina.

18. Kugwiritsidwa mwala. Kukhumudwa kumene wakuchititsa ndi munthu amene analonjeza.

19. Kunong'oneza bondo. Apa wolakwa ndiwe, kapena ukuganiza kuti ndiwe. Mawu ake ndi "ndikanadziwa". Ukalemba ili, uwonjezere mzere umodzi wonena zimene unkadziwa pa nthawiyo, osati zimene wadziwa lero. Kawirikawiri mlandu umachepa.

20. Khuma. Wakhala chete, nkhope yagwa, mawu sakutuluka. Usasokoneze ndi ndwii. Wa ndwii ali ndi kamkwiyo ndipo akufuna wina aone kuti walakwiridwa. Wa khuma sakufuna chilichonse kwa aliyense. Uli mwana unkachita ndwii kwambiri, ndipo tonse tinkadziwa kuti pakangotha ola uyamba wekha kulankhula. Khuma ndinakuona nalo kamodzi kokha, ndipo linandiopsa.

21. Kuwawidwa mtima. Bala lochokera kwa munthu amene unamuyandikira. Za mnzako uja ndikuganiza kuti zili apa, ngakhale mwini mtima ndiwe. Unalemba kuti umatsegula foni n'kuona kuti uthenga wako wawerengedwa, yankho palibe, ndipo umaitembenuza kuti isakuyang'ane. Munthu wongokhumudwa satembenuza foni masiku khumi.

22. Chisoni. Chimabwera ndi kutaya: munthu, ubwenzi, thanzi, kapena moyo umene unkaganiza kuti udzakhala nawo. Chimalemera ndipo sichithamanga. Chimabwera, n'kuchoka, n'kubweranso pa kanthu kakang'ono, monga fungo la sopo amene munthuyo ankasambira, misozi n'kuyamba kulengeza. Uone kuti timanenanso "ndamumvera chisoni" za munthu wina. Chimenecho ndi chifundo, ndipo m'kope ndi bwino kulemba kuti chisonicho ndi chako kapena cha mnzako.

23. Kusweka mtima. Chisoni chikadali chachiwisi, tsiku loyamba ndi lachiwiri, pamene ngakhale kusamba kuli ntchito. Pa masiku otere sindilemba zambiri. Ndimalemba deti ndi liwu lokhali, basi.

Ndisanafike pa lomaliza, kanthu kena. Tsiku limodzi likhoza kutenga manambala awiri otalikirana, monga 4 m'mawa ndi 14 madzulo. Usawaphatikize n'kupeza "choncho" ngati masamu. Lemba onse awiri. Ndipo chinthu chikakulemera kwambiri, liwu limodzi silikwanira. James Pennebaker ndi Sandra Beall mu 1986 anapempha ophunzira a ku yunivesite kulemba za zinthu zowawa zimene anakumana nazo, mphindi 15 pa tsiku kwa masiku anayi otsatizana, ndipo njira imeneyi yakhala ikufufuzidwa kuyambira pamenepo. Ine ndinaiyesa chaka chimene ukwati wanga unatha. Tsiku loyamba ndinadzuka pampando mtima ukuwawa kuposa mmene ndinakhalira. Lachinayi ndinapeza kuti zimene ndinkazitcha chisoni, theka lake linali nambala 19.

24. Kutaya mtima. Pansi penipeni. Kusiyana kwake ndi chisoni n'kwakuti wachisoni amadziwabe kuti kunja kudzacha, pamene wotaya mtima saonanso chifukwa choti kuche. Ili si liwu losunga m'kope mokha. Madokotala amayang'ana nthawi: munthu akakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kupitirira, makamaka tulo ndi kadyedwe zikasokonekera, amaganizira matenda a maganizo, ndipo matendawa ali ndi chithandizo. Apa m'pamene madeti a m'kope lako adzagwire ntchito, chifukwa udzatha kuwerenga masikuwo m'malo mongoganizira. Ukaona kuti manambala 16, 20 ndi 24 akungosinthana kwa masabata awiri, tipite limodzi kuchipatala, kopelo ulitenge. Koma maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, ngakhale kamodzi, usadikire masabata awiriwo ndipo usayambe walemba. Undiimbire nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku. Foni yanga sindizimitsa, imagona pafupi ndi pilo.

Ndine mkulu wako.