Mawu a mperekezi wa mkwati pa ukwati wa Yamikani ndi Tadala

Zikomo ankhoswe, makolo ndi alendo,
inu a ku Dedza mwapirira ulendo,
inu a ku Mulanje mwatipatsa duwa,
ndibwerekeni makutu lisanalowe dzuwa.

Yamikani ndinamudziwa tili ku pulayimale,
tikuyenda opanda nsapato, kalekale.
Mpira tinkamanga ndi mapepala ndi luzi,
tikaweruka, liwiro kukatsekula mbuzi.

Chaka chimene bambo anga anagonekedwa m'chipatala,
uyu ndiye ankabwera pabenchi kudzakhala.
Ankapalasa njinga m'mamawa kuli chisanu,
kubweretsa phala, Lolemba mpaka Lachisanu.
Loweruka ankapita kukatilimira kumunda,
madzulo n'kundisiyira bulangete lake lofunda.
Mpaka lero sananenepo zoti ndimubwezere kanthu.
Alamu, ndikunenetsa, mwapeza munthu pa anthu.

Tsiku lina pa Zalewa minibasi itaima,
anakwera msungwana, mnzangayu kugunda mtima.
Anamugulira chimanga chootcha pawindo,
kuyambira pomwepo anausenza udindo.
Pofika pa Wenela anali atapempha nambala,
usiku wonse nkhani inali ya Tadala, Tadala.

Alamu anga, inu ndinu munthu wofatsa,
ndipo dzanja lanu silitopa n'kupatsa.
Mutafika koyamba ku Dedza munagwira mthiko,
mbiri ya nsima yanu n'kumveka m'dziko.
Ndinu munamuuza kuti abwerere kusukulu,
lero ndi kalipentala, shopu yake yaikulu.
Mpando mwakhalirawo anaupala yekha,
akuti wotere ndi woyenera inu nokha.

Pa chinkhoswe tinasinthana tambala ndi msoti,
ndipo ankhoswe mbali zonse ananenetsa zoti
nkhwangwa ndi khasu zikhale za mkwati,
lichero ndi mtondo zikalimbitse ukwati.
Lero m'tchalitchi tamva malumbiro anu,
tsopano, achimwene, imvani pempho la mnzanu:
mmene munkadzukira m'mamawa chifukwa cha ine,
muziwadzukira alamuwa kuposa wina aliyense, achimwene.
Mukasemphana mawu musagone mutafulatirana,
ankhoswe ali pafupi, sachedwa kuyitanizana.

Chauta akupatseni chimanga chodzadza nkhokwe,
mvula ya mkuntho ikabwera, denga lanu lisachoke.
Ana akabwera adzapeze pakhomo pali kuseka,
ndipo mlendo akagogoda, chitseko musamatseka.
Mudzakalambe limodzi mpaka imvi mbuu,
zidzukulu zikusewera pabwalo, fumbi kobuu!

Perekaniperekani akubwera, konzani makwacha,
tivina mpaka tambala alengeze kuti kwacha.
Koma poyamba imirirani, kwezani matambula,
wa thobwa akweze chikho, wa botolo atha kutsekula.
Amayi, nthungululu! Abambo, m'manja!
Timwere Yamikani ndi Tadala, timwere lawo banja!