Kalata kwa eni nyumba: paipi yophulika kuseri kwa bafa

Chilomoni, Blantyre
Lolemba, 13 Okutobala 2025

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumbako. Kuno tadzuka, kungoti pakhomo palibe madzi, lero ndi tsiku lachinayi.

Kalatayi ndailemba m'zilankhulo ziwiri. Tsamba lino ndi la Chichewa, lanu. Lachiwiri ndi la Chingerezi, la achimwene a ku Joni aja, poti munandiuza kuti ndalama zokonzetsera nyumba zimachokera kwa iwo, ndipo Chichewa amamva koma kuwerenga kumawavuta. Zimene zili uku ndi zomwezo zili uko, masiku ndi ndalama zomwe. Sindinawonjezere kapena kuchotsa kanthu, kuopa kuti wina angamve zina, wina zina.

Paipi inaphulika Lachinayi usiku, pa 9. Ndi ija yachitsulo, ya hafu inchi, yochokera pa mita n'kudutsa pansi kuseri kwa bafa. Usikuwo tinangomva phokoso la madzi, ife n'kumayesa kuti aneba aiwala kutseka mpope. Kutacha tinapeza kuseri konse kuli matope ngati kwagwa mvula, chonsecho ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinakuimbirani Lachisanu m'mawa, munati mutumiza munthu madzulo. Loweruka ndinaimbanso kawiri, foni sinayankhidwe. Dzulo ndinatumiza uthenga pa WhatsApp pamodzi ndi zithunzi zitatu. Mwina munatanganidwa ndi za kumudzi, sindikukuimbani mlandu, koma mpaka pano sikunabwere munthu.

Za mita ndinalemba, poti ndimalemba sabata iliyonse chiyambire bilu yosokonekera ija ya chaka chatha. Lachinayi madzulo inali pa 412. Lachisanu m'mawa, pamene ndimatseka, inali pa 419. Yuniti imodzi ndi malita 1,000, ndiye kuti usiku umodzi wokha malita 7,000 analowa m'nthaka. Zimenezo ndi ndowa 350 za malita 20. Banja lathu lonse, kuchapa ndi kusamba komwe, timatha pafupifupi milungu itatu tisanafike pamenepo. Madzi amenewa amachita kupopedwa kuchokera ku Shire, ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wonsewo kudzafika kuno, ndiye kuwaona akungothirira udzu wa kuseri kwa bafa mtima unandiwawa. Komanso bilu yake ibwera ndithu.

Ndinapita ku ofesi ya Blantyre Water Board Lachisanu lomwelo. Anandilandira bwino, n'kundifotokozera kuti iwo amakonza paipi yochokera mumsewu kufika pa mita. Kuchokera pa mita kulowa mkati mwa mpanda ndi udindo wa mwini malo. Yathuyi yaphulikira mkati, masitepe ngati asanu ndi limodzi kuchokera pa mita.

Pakadali pano ndinatseka valavu ya pa mita. Koma nayonso yatha, simagwira bwinobwino, moti ngakhale nditamanga ndi mphira madzi akudonthabe pang'onopang'ono. Ndikaitsegula kwa mphindi zochepa kuti titungeko, ochuluka akuthera pansi, ku mpope kukungobwera kamadzi kofiira. Ndiye tasiya. Tikugula ku kiyosiki ya kumsika, ana akunyamula zigubu asanapite ku sukulu ndiponso akaweruka. Chimbudzi ndi chamadzi, mukudziwa, ndipo pakhomo pano palibe chokumba. Tilipo anthu asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo agogo awo a anawa amene sangathe kupita kwa aneba usiku. Kolera ija ya 2022 ndi 2023 tonse tinaiona mmene inavutira mu Blantyre muno, ndiye nkhani ya chimbudzi chopanda madzi sindikuitenga mwamasewera.

China chimene ndikufuna muone ndi maso anu, Bambo, ndi khoma. Madzi aja analowa pansi pa maziko a bafa. Khoma lakumbuyo lanyowa kufika m'mawondo, penti wayamba kutukumuka, ndipo pakona patuluka mng'alu umene kunalibe mwezi watha. Ndaika chizindikiro cha pensulo pomwe wathera kuti tione ngati ukukula. Ife ndife alendi, tsiku lina tidzasamuka, koma nyumbayi ndi yanu. Mvula ikayamba mu Novembala nthaka ya pamenepo isanaume n'kutsenderedwa, ntchito yake sidzakhalanso ya paipi yokha.

Loweruka ndinaitana pulambala amene amakonza ku tchalitchi kwathu kuti angoona. Anakumba pang'ono n'kundionetsa. Paipiyo yadyeka ndi dzimbiri, ukaikanda ndi chikhadabo ikuyoyoka. Akuti kumanga pobowoka pokhapo n'kutaya ndalama, chifukwa iphulikanso pena pasanathe mwezi. Iye akuti tichotse yonse kuchokera pa mita kufika pa bafa, mamita 12, tiike yapulasitiki, tisinthenso valavu. Mtengo wake wandilembera motere: paipi, maelubo, masoketi ndi valavu K68,000, thumba limodzi la simenti ndi mchenga zobwezeretsa pakhonde pomwe aswe K37,000, ntchito yake K40,000. Zonse pamodzi K145,000. Akuti ndi ntchito ya tsiku limodzi zipangizo zikakhalapo. Pepala lake ndalijambula, lili pamodzi ndi kalatayi. Ngati muli ndi pulambala wanu amene mumamukhulupirira, kapena mukudziwa kogula zotchipa ku Limbe, ine ndilibe nazo vuto. Chimene ndikufuna ndi madzi.

Tsono pempho langa ndi ili. Paipiyi ikhale itakonzedwa pofika Lachisanu pa 17 Okutobala, 5 koloko madzulo. Kuchokera tsiku limene ndinakuuzani, pamenepo padzakhala patatha sabata yathunthu. Pangano lathu la lendi, ndime 6, likuti zowonongeka zikuluzikulu za madzi ndi magetsi amakonza ndi eni nyumba pasanathe masiku 7 atauzidwa, ndipo akalephera, mlendi atha kukonzetsa n'kuchotsera pa lendi. Ngati pofika nthawi imeneyo sipanabwere munthu, Loweruka pa 18 m'mawa ndidzamuuza pulambala uja ayambe. Ndalama ndidzabwereka ku banki m'khonde, ndipo pa lendi ya Novembala, m'malo mwa K180,000 ndidzapereka K35,000 pamodzi ndi malisiti onse. Sindikufuna kuti zifike pamenepo musanavomere ndi pakamwa panu, n'chifukwa chake ndalemba lero, nthawi ikadalipo.

Za bilu ya madzi, ndikupempha tigawane motere: ine ndilipira mayunitsi amene timagwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi, inu mulipire 7 otayikawo ndi amene akudontha mpaka tsiku lokonza. Bilu ikabwera ndidzakuonetsani tiwerengere limodzi. Ndalama zimene tagulira madzi ku kiyosiki sindikuziwerengera, zimenezo zapita.

Takhala m'nyumba muno zaka zinayi, lendi sinadutsepo pa 5 mwezi uliwonse, ndipo pamene loko wa chitseko ndi magalasi awiri zinawonongeka ndinakonzetsa ndekha osakuvutitsani. Ichi chokha chandikulira.

Ine ndimaweruka 4 koloko, koma agogo amakhalapo tsiku lonse, ndipo kiyi wa geti ndawasiyira. Wobwera angogogoda mwamphamvu, samva msanga. Chonde mundiyankhe pofika Lachitatu madzulo, ngakhale ndi uthenga wa mawu awiri, kuti ndidziwe ngati pulambala uja ndimusunge Loweruka kapena ndimumasule akagwire kwina.

Mupereke moni kwa amayi.

Ine mlendi wanu,
Mayi a Tadala
Nyumba yakumbuyo, ya geti lobiriwira