Makeke a Mwezi wa Ufulu ku Kapata: Werengani, Kenako Mutumizire Mnzanu Mmodzi

Amayi, abambo, alongo ndi abale anga a muno mu Chipata, ndikupatsani moni kuchokera kukhitchini kwanga ku Kapata. Ndine mayi uja amene ambiri a inu munamudziwira pa keke ya nshawa, ndipo ena munamudziwira pa ukwati wa mwana wanu kapena pa tsiku lobadwa la mdzukulu. Uthenga uno ndi wautali kusiyana ndi umene mumauona pa sitetasi masiku onse, choncho ndauika m'zigawo zotsatizana. Popeza sitetasi ya WhatsApp imazimiririka pakatha maola 24, amene mukufuna kuusunga kapena kuutumiza kwa ena mundilembere mawu amodzi okha akuti "keke", ndipo ndikutumizirani wathunthu.

Kuyambira pa 1 mpaka pa 24 Okutobala, tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, ndatsitsa mitengo ya makeke atatu amene mumawakonda kwambiri. Keke ya vanila ya anthu khumi mpaka khumi ndi awiri, imene masiku onse ndi K320, ikhala K280. Ya chokoleti ya kukula komweko, yothira kirimu pakati ndi pamwamba, ichoka pa K380 kufika pa K340. Timakeke ta m'makapu khumi ndi tiwiri tikhala K130 m'malo mwa K150, ndipo amene mukukonzera ana a sukulu kapena a Sande sukulu chikondwerero cha ufulu, ndikukongoletserani ndi mitundu ya mbendera yathu, wobiriwira, wofiira, wakuda ndi wa lalanje, popanda kuwonjezera ngwee. Chiwombankhanga cha pa mbendera ndimachijambula pa keke yaikulu yokha, chifukwa pa kakeke kakang'ono chimatuluka ngati nkhunda, ndipo ana sachedwa kundiseka.

Keke ya nshawa ndiyo ndikufuna ndiifotokoze bwino, chifukwa ndi imene inandiyambitsa ntchito imeneyi. Nshawa zake ndi za Chalimbana, zazikuluzikulu zija za kuno kwathu kum'mawa, ndipo ndimazisankha ndekha palichero imodziimodzi, kutaya zofota ndi zowola, chifukwa nshawa imodzi yowawa imawononga keke yonse. Ndimazikazinga pamoto wochepa mpaka khungu litayamba kusupuka lokha, kenako ndimazipeta ndi kuzisinja mumtondo, koma sindizisinja mpaka zisanduke chiponde ayi, ndimasiya timibulu toti dzino lizikumana nato. Theka lake limalowa mu ufa, theka linalo ndimawaza pamwamba pa kirimu. Amayi anga ankaphika chikondamoyo mumphika pambaula, makala ena pansi ena pachivundikiro, ndipo fungo limene linkadzaza pabwalo nthawi imeneyo ndi limene ndimalifunafuna mu uvuni wanga mpaka lero. Keke imeneyi mtengo wake sunatsike, ndi K350 monga kale, chifukwa mwezi uno nshawa zimayamba kukwera mtengo pamsika pamene anthu akusunga mbewu yodzala mvula ikagwa, ndipo sindikufuna kuchepetsa nshawa kuti ndikwanitse kutsitsa mtengo. Komabe aliyense woigula m'masiku 24 amenewa ndimulembera dzina ndi zaka pakeke mwaulere. Ngati pakhomo panu pali munthu amene nshawa zimamuwenga, chonde mundiuze poitanitsa, ngakhale mukugula keke ya mtundu wina, kuti ndiphike yanu payokha ndi ziwiya zotsuka bwino.

Tsopano pali pempho langa, limene lilinso ndi mphatso yanu. Ine ndilibe sitolo m'tauni kapena chikwangwani pamsewu, ndipo makasitomala anga onse anabwera chifukwa wina analawa keke pa chinkhoswe kapena pa kicheni pate n'kufunsa kuti waphika ndani. Ndikukupemphani kuti mutumize uthenga uno kwa munthu mmodzi kapena awiri amene mukudziwa kuti ali ndi chochitika posachedwa, kaya ndi mlamu wanu amene mwana wake akukwanitsa chaka, kaya ndi mnzanu wa kuntchito amene akukonzera aphunzitsi kanthu pa tsiku lawo la pa 5 Okutobala, kaya ndi mayi wa kumpingo amene akusonkhanitsa za tiyi wa pambuyo pa mapemphero a dziko lonse a pa 18 Okutobala. Musavutike kuuponya m'magulu onse amene mulimo, chifukwa uthenga woponyedwa paliponse anthu amaudumpha osawerenga, ndipo sindikufuna kuti mudzudzulidwe m'gulu la maliro kapena la makolo a kusukulu chifukwa cha makeke anga. Munthu amene mwamutumizirayo akaitanitsa keke n'kutchula dzina lanu, inu mulandira timakeke ta m'makapu tisanu ndi kamodzi taulere, ndipo iye ndimuchotsera K20 pa mtengo wotsika kalewo. Akakhala anthu atatu otchula dzina lanu, keke yaing'ono ya vanila ndi yanu, tsiku limene mungasankhe chaka chisanathe. Mayina ndimalemba m'kope langa la maoda, limene lili ndi madontho a batala tsamba lililonse koma silinaiwalepo munthu.

Inu amene mwalandira uthengawu kuchokera kwa mnzanu ndipo simundidziwa, nambala yanga mufunse kwa iye amene wakutumizirani. Ndachita dala kusailemba pano, chifukwa uthenga ukamayenda m'manja ambiri pamapezeka wina wosintha nambala n'kuikapo yake, ndipo anthu amatumiza ndalama kwa munthu amene alibe ngakhale uvuni. Mumufunsenso mnzanuyo ngati keke imene anadya inali yofewa, ndipo akakayikira poyankha, musagule.

Kuitanitsa kwake n'kosavuta. Mundiuze masiku atatu tsikulo lisanafike, ndipo ngati ndi keke ya ukwati kapena yosanjikiza, mundipatse masabata awiri. Mundilembere tsiku, mtundu wa keke, chiwerengero cha anthu, ndiponso mawu oti alembedwe pamwamba, ndendende monga mukufunira kuti aoneke, chifukwa dzina ngati Thokozile kapena Tikondane ena amalilemba mosiyana, ndipo kirimu ikauma sikhala ndi chofufutira. Oda imalowa m'kope mukapereka theka la mtengo, pamanja kapena pa Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo musanatsimikize kutumiza muyang'ane dzina limene latuluka pafoni yanu, mulifananize ndi limene ndakuuzani. Theka lotsala mumapereka mukaiona keke ndi maso anu. Tsiku limodzi ndimaphika makeke aakulu anayi basi, chifukwa uvuni ndi umodzi ndipo manja ndi awiri, choncho amene mukufuna ya pa 24 penipeni musadikire sabata yomaliza. Za magetsi musade nazo nkhawa, popeza uvuni wanga ndi wa gasi, ndipo malaiti akathima keke imapsabe pa nthawi yake.

Mwezi wa Okutobala mukuudziwa mmene umatenthera kuno, ndipo kirimu ya batala siipirira dzuwa. Chaka chatha bambo wina anatenga keke ya mwana wake masana, n'kuimangirira pakaliyala ya njinga ndi mphira, ulendo wa ku Mchini. Pofika kunyumba maluwa onse anali atatsetserekera mbali imodzi, ndipo dzina la mwanayo linali litasanduka mzere wa pinki. Tinakonza madzulo omwewo, mwana anadula keke yake akusangalala, koma kuyambira pamenepo ndinaika lamulo loti makeke amatengedwa isanakwane 10 koloko m'mawa kapena ikadutsa 4 koloko madzulo. Ngati mwakwera njinga, bokosi muligwire ndi manja awiri, lisapendekeke, ndipo muuze wopalasayo kuti asathamange pamabampu. M'galimoto malo abwino ndi pansi, kutsogolo kwa mpando, chifukwa mpando ndi wopendekeka ndipo miyendo ya munthu imatentha. Mukafika kunyumba muiike pamalo ozizira kutali ndi windo. Ngati mwaiika mufiliji, ikhale m'bokosi lake lotseka kuti isatenge fungo la kapenta kapena anyezi, ndipo muitulutse ola limodzi musanadule kuti batala afewe, apo ayi mudzati ndakuphikirani njerwa. Amene phwando lanu lili panja masana, ndikukulangizani keke yokutidwa ndi fondanti, chokutira cha shuga chimene chimayalidwa pakeke ngati nsalu, imene imapirirako kutentha. Imakwera ndi K60, ndipo ine mwini ndimaona kuti kirimu ndiyo yokoma kuposa fondanti, koma keke yofika pathebulo ili chilili ndi yabwino kuposa yokoma imene yasungunuka.

Okhala ku Kapata, ku Magazine ndi ku Navutika ndikubweretserani pakhomo popanda kulipiritsa, pamene a ku Kalongwezi, ku Moth, ku Mchini ndi m'tauni muwonjezera K25 ya mayendedwe. Tingakumanenso pa msika wa Kapata kapena pa Saturday Market ngati ndi pafupi ndi inu. A ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi mwakhala mukufunsa, ndipo yankho langa ndi lakuti keke ya nthochi, ya nshawa yopanda kirimu ndiponso timakeke ta m'makapu zimayenda bwino pa basi ya m'mawa, koma keke yokongoletsedwa sindiipereka kwa kondakitala. Imeneyo mutume munthu wanu amene adzaisamala njira yonse. Abale a kumalire ku Mwami, mukabwera kudzagula katundu m'tauni mungadzere kuno, bola mundidziwitse dzulo lake.

Amene munagulapo kale ndipo muli ndi chithunzi cha keke yanu, mungachiike pa sitetasi yanu pamodzi ndi uthenga uno, chifukwa mnzanu amakhulupirira chithunzi cha pathebulo panu kuposa changa. Ine sindiika chithunzi cha mwana wa munthu kapena dzina lake pa sitetasi yanga popanda chilolezo cha makolo, ndipo mukandiuza kuti keke yanu isaonetsedwe, siionetsedwa. Ngati keke ina inakukhumudwitsani m'mbuyomu, kaya inauma kaya shuga anachuluka, mundiuze ine mwini, ndipo pa oda yotsatira tidzakambirana zoti ndikuchotsereni.

Loweruka loyamba la mwezi uno, kuyambira 9 koloko m'mawa, ndidula keke ya nshawa imodzi ndi ya chokoleti imodzi pakhonde panga kuti amene simunalawepo mudzalawe musanaitanitse, ndipo tiyi adzakhalapo. Zidutswa ndi makumi atatu zokha, choncho mundilembere pofika Lachisanu madzulo kuti ndikusungireni chanu, ndipo mubwere ndi mnzanu amene mwamutumizira uthengawu. Zikomo kwambiri.