Kalata kwa Mayi Nabanda: Maina Atatu a Bekale Yathu

Rosettenville, Johannesburg
16 Juni 2024

Okondedwa Mayi Nabanda,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Ntcheu ndiponso kuti agogo akupezako bwino. Muwapatse moni wanga. Kuno tili bwino, kungoti chisanu cha ku Joni mukuchidziwa, m'mawa zala zimachita kuuma pokanda fulawa.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni timangodukizana, ndipo nkhaniyi ikufunika muiwerenge mutakhala pansi. Mwini nyumba wavomera kuti tilowe pa 1 Ogasiti. Uvuni uja wafika, uli m'galaja mwa mlamu wanu ku Turffontein. Chatsala ndi dzina. Popanda dzina sitingalembetse kampani momwe tinagwirizanirana, sitingatsegule akaunti ya bizinesi ku banki, ndipo wolemba chikwangwani wandifunsa kale kawiri kuti alembepo chiyani.

Ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani kuno, amalola kupereka maina mpaka anayi pa fomu imodzi, ya CoR 9.1, ndipo timalipira R50. Amayamba kuona loyamba, likakhala kuti wina analitenga kale kapena likufanana kwambiri ndi la kampani ina amapita pa lachiwiri, choncho ndondomeko yake ndi yofunika. Akativomera amatisungira dzinalo miyezi isanu ndi umodzi.

Pa maina khumi ndi limodzi amene tinalemba kukhitchini kwanu ndatsala ndi atatu. Ndiyambe ndapepesa za Sapitwa. Ndikudziwa kuti munalikonda chifukwa cha malemu bambo a kunyumba kwanu amene kwawo kunali ku Mulanje, ndipo nsonga ya phirilo, ya mamita 3,002, ndi ulemerero wa dziko lathu. Koma Mmalawi aliyense akaliwerenga amva kuti "kumeneko sapitako", pamene ife tikufuna anthu azibwera m'mawa uliwonse. La Moyo ndalichotsanso, popeza muno mu Joni dzinali limadziwika kale ndi malo odyera ena.

Loyamba ndi Chikondamoyo Bakery.

Ili ndi limene lili pamtima panga, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Bizinesi inoyo inayamba ndi chikondamoyo. Mukukumbukira Lamlungu lija mu 2019 pamene munabwera nacho ku tchalitchi chokulunga m'nsalu, chophika mumphika, makala pansi makala pamwamba, monga amachitira amayi kumudzi? Mgaiwa, nthochi zakupsa, soda pang'ono, basi. Bambo wina wa ku Dedza anatenga chidutswa, nakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati watha zaka zisanu ndi zinayi osalawa chinthu chimenechi. Sabata yotsatira tinali ndi maoda asanu ndi awiri. Mandasi, zitumbuwa ndi masikono zinabwera pambuyo.

Mmalawi amene akudutsa mu Main Street pa takisi akaona mawu amenewa pakhoma sadzafunsa kuti mkatimo muli ndani. Adzatsika. Tanthauzo lakenso ndi lokoma kulifotokoza kwa mlendo, ndipo mawu oti moyo Mshona wa ku Zimbabwe amawamva, wolankhula Chiswahili amawamvanso, ngakhale kwa iwo amatanthauza mtima. Ndikuganizanso kuti mpata woti wina analitenga kale ku CIPC ndi wochepa.

Komabe ndalankhula ndi anthu, ndipo zimene ndamva ndiyenera kukuuzani zonse. Ndinalemba dzinali papepala n'kupatsa mtsikana wathu wothandiza kukanda, amene kwawo ndi ku KwaZulu-Natal. Analiwerenga moyamba ndi kaphokoso kaja kothethetsa lilime, chifukwa m'Chizulu ndi m'Chixhosa chilembo cha c chimatchulidwa motero. Atafika pakati anaima, n'kuyambiranso. Mawa lake ndinamufunsa dzina lija, ndipo anangokumbuka "moyo" wakumapetoyo. Munthu amene sangathe kutchula dzina la sitolo sangatume mwana kumeneko, sangauzenso mnzake kuntchito kumene wagula masikono okomawo. Zilembo zake ndi 12, ndipo khomo lathu ndi lopapatiza, moti wolemba chikwangwani akuti zidzakhala zazing'ono, zovuta kuziwerenga uli tsidya lina la msewu.

Pali chinanso chimene chandisowetsa tulo. Ndinawerengera m'kope lathu la malonda la miyezi itatu yapitayi. Pa makasitomala khumi alionse, a kwathu ndi atatu kapena anayi. Otsalawo ndi eni dziko, anthu a ku Mozambique, a ku Zimbabwe, a ku Congo. Ndipo lendi sidzalipiridwa ndi chikondamoyo. Idzalipiridwa ndi buledi wa tsiku ndi tsiku, maka amene anyamata ogulitsa kota, chibenthu cha buledi choikamo tchipisi ndi zina, akufuna tiziwaperekera m'bandakucha, ndi mandasi amene iwo amawatcha magwinya. Tikatcha sitolo yonse dzina la chakudya chimodzi chimene ambiri mwa ogula sachidziwa, ndikuopa kuti adzaiyesa sitolo ya Amalawi okhaokha n'kumailambalala.

Lachiwiri ndi Kwacha Bakery. Ubwino wake ndi woonekeratu: ophika buledi ndi anthu a m'mawa, ife timayatsa uvuni 3 koloko anthu ali m'tulo, ndipo kukamacha fungo limakhala litafika kale pamsewu. Ndi lalifupi, likhoza kukhala bwino pa pepala lokulungira buledi, pambali pake titajambulapo dzuwa likutuluka monga pa mbendera yathu. A ku Zambia adzalimva ngati lawo, popeza ndalama yawo ndi kwacha kuyambira 1968, ife yathu kuyambira 1971.

Vuto lake lagona pomwepo. Kuno munthu akamva kwacha amaganiza za ndalama, ndipo ena adzalowa kudzafunsa ngati timatumiza ndalama kumudzi. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dzinali silikumveka ngati la chinthu cholimba. Ndiye palinso ndale. Akuluakulu akamva "Kwacha!" amakumbukira misonkhano ya Kamuzu ndi tambala wakuda, ena mokondwa, ena ayi, ndipo chisankho chili chaka chamawa. Sindikufuna munthu aziganiza za chipani pogula sikono. Mtsikana wathu uja anandiuzanso kuti "cha" m'Chizulu ndiye kuti ayi. Ndalisiya pamndandanda chifukwa ndi dzina labwino ndithu, koma ndingaliike pamapeto.

Lachitatu, limene ndikupempha kuti tiliike patsogolo pa fomu, ndi Zikomo Bakery.

Poyamba ndinkaliona ngati lopepuka, mawu amene timangowatchula osaganizako. Koma taganizani mmene timawagwiritsira ntchito kwathu. Polandira chinthu timati zikomo. Popempha njira pakati pa anthu timati zikomo. Pofika pakhomo pa munthu, m'malo mwa odi, ena amati zikomo. Wina akakuitana umayankha kuti zikomo. Ulemu wonse wa Mmalawi uli m'mawu amenewa, ndipo ulemuwo ndi umene anthu a kuno amatidziwa nawo. Ndi kangati makasitomala anakuuzani kuti amabwerera kwa ife chifukwa timawalandira bwino? Ndiye dzinalo lidzakhala likunena zimene munthu adzapezadi akalowa.

Ndinaliyesanso pa anthu monga ndinachitira ndi enawo. Ndinafunsa mtsikana wathu, mayi wa ku Maputo wogulitsa nsomba pakona paja, ndi dalaivala amene amatibweretsera fulawa. Onse atatu analitchula bwinobwino ulendo woyamba, ndipo patapita masiku awiri onse analikumbukira. Mulibe chilembo chowapunthwitsa. Zilembo zisanu ndi chimodzi zidzakwana pakhomo pathu zikuluzikulu, ndipo munthu akhoza kulilemba pa WhatsApp osalakwitsa. A ku Chipata, a ku Lusaka ndi a ku Tete ndi mawu awo omwe.

Dalaivala uja anaseka n'kunena kuti likumveka ngati izinkomo, ng'ombe m'Chizulu, ndipo anafunsa ngati tidzagulitsenso nyama. Ndinaganizapo, koma sindikuona choopsa. Ng'ombe kwa iwo ndi chuma monganso kwa Angoni a kwanu ku Ntcheu, ndipo pansi pa dzinalo padzakhala chithunzi cha buledi. Kufananako mwina n'kumene kunamuthandiza kulikumbukira.

Choopsa chenicheni n'chakuti mawuwa ndi otchuka, choncho mwina wina anawalembetsa kale. N'chifukwa chake tiyenera kukhala ndi ena kumbuyo kwake. Malo achinayi pa fomu ndikufuna tiikepo Zikomo Rosettenville Bakery, kapena tiliike lachiwiri ngati nanunso mwalikonda dzinali. Tidziwenso kuti kulembetsa dzina la kampani sikutetezera chizindikiro cha malonda. Chimenecho chili ndi fomu yake ndi ndalama zake, tidzachiona bizinesi ikaima.

Pali nkhani imene tonse timaipewa, koma ndiitchule. Tonse tinali kuno mu Seputembala 2019 pamene masitolo a anthu obwera anaphwanyidwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, ndipo mukukumbukira kuti tinatha masiku angapo osatuluka ndi mabasiketi. Mlamu wanu akuti tingotenga dzina la Chingelezi, lopanda fungo la kwathu, kuti tisaonekere. Ndamumvetsa, ndipo sindikumuweruza. Koma ine sindikufuna kubisala m'sitolo yangayanga. Mapepala athu ndi olongosoka, satifiketi ya a zaumoyo a khonsolo tikuitsatira, tidzalemba ntchito ana a konkuno ndipo tidzakhoma msonkho. Aliyense mumsewu muno akudziwa kale kumene tinachokera, tikangotsegula pakamwa. Chimene ndikufuna ndi dzina lonena kuti ndife a ku Malawi, koma lonena mwaulemu, lotsegulira khomo wina aliyense. Pa atatuwa, Zikomo ndi limene likuchita zimenezo.

Chikondamoyo sitichitaya. Ndikuganiza kuti chikhale ndi malo akeake pa shelefu yapatsogolo, ndi kachikwangwani kolembedwa dzina lake lonse, Loweruka ndi Lamlungu lililonse, chophikidwa ndi manja anu. Amene sachidziwa tizimupatsa kachidutswa kolawa, dzinalo adzaliphunzira ali nacho m'kamwa.

Ndondomeko imene ndikupempha ndi iyi: Zikomo, kenaka Chikondamoyo, kenaka Kwacha. Koma bekaleyi ndi yathu tonse, theka ndi theka, ndipo sinditumiza kalikonse musanayankhe. Ngati mtima wanu uli pa Chikondamoyo, ndiuzeni mosabisa, ndipo ndidzalinyamula mokondwa chifukwa nanenso ndimalikonda. Muwatchulirenso agogo maina atatuwa mumve kuti ati chiyani. Ndingakonde yankho lisanafike tsiku la 28 Juni, kuti wolemba chikwangwani akhale ndi mwezi wathunthu.

Pobwera musaiwale mgaiwa wa kuchigayo cha kwanu, wa m'masitolo a kunowu ndi wosalala kwambiri, chikondamoyo chake sichigwirana bwino. Mundiuze tsiku la basi, ndidzakuchingamirani ku Park Station.

Ine mnzanu pa ntchitoyi,
Nachisale