Pempho loti munditsekere akaunti yobetchera mpaka kalekale

Rosettenville
Johannesburg
3 Malichi 2025

Kwa Mkulu wa Nthambi Yoona za Makasitomala,

Bwana kapena Mayi,

Ndine mwini wa akaunti yomwe inalembetsedwa pa imelo imene yatumiza kalatayi, ndipo nambala ya foni ndi yomweyo muli nayo m'mabuku anu. Ndaphatikiza chithunzi cha pasipoti yanga ya Malawi, yomwe ndinakupatsaninso potsimikizira akaunti motsatira lamulo la FICA. Kalata ina ya m'Chingerezi, yonena zomwezi, ili pamodzi ndi ino.

Ndikupempha kuti mutseke akaunti yanga lero, ndipo mundiletse kubetcha pa kampani yanu moyo wanga wonse. Sindikupempha tchuthi cha mwezi umodzi kapena miyezi isanu ndi umodzi. Sindikupemphanso malire a ndalama zoika pa tsiku. Malire amenewo ndinawaikapo ndekha mu Okutobala, koma amene anawaika ndi yemwenso anali ndi mphamvu yowachotsa, ndipo anawachotsadi Loweruka lina mpira usanayambe. Choncho wantchito wanu asandiimbire kuti tikambirane njira zina. Chimene ndikufuna ndi chimodzi: mutseke.

Ndifotokoze chifukwa chake, kuti wowerenga asaganize kuti ndi mkwiyo wa munthu amene tikiti yake yafa dzulo. Ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Booysens ndipo ndimalandira R6,800 pa mwezi. Mayi a kunyumba amagwira ntchito ya m'nyumba ku Glenvista masiku ena pa sabata. Pa ndalama zimenezi timalipira lendi ya R2,300, kugula magetsi, chakudya, kukwera takisi, zofunika za mwana wathu kusukulu, ndiponso kutumiza kena kake kwa mayi anga ku Ntcheu. Sabata yatha tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba, sitetimenti ya kubanki ili patsogolo, ndi kuwerengera. Kuyambira Ogasiti mpaka Febuluwale ndaika ku akaunti yanu R21,400, ndipo zimene ndinatapako ndi R5,900 zokha. Zotsalazo, R15,500, zinapita. Apa sitinawerengere mavaucha amene ndinkagula ku kagolosale ka sipaza ndi ndalama za m'thumba, chifukwa amenewo sasiya phazi pa sitetimenti.

Ndinayamba ndi R20 pa mpira wa Loweruka, monga amachitira anzanga ambiri kuntchito. Chinandigwetsa ndi kandege, masewera a pafoni obetchera kandege kouluka. Mpira umadikira Loweruka, ndipo ukaluza umakhala ndi masiku oti mtima uzizire. Kandege sikadikira. Kamauluka usiku wonse, ndipo munthu amene waluza R200 amaona ngati R200 ina ndiyo ibweze yoyambayo. Ndimo mmene inathera R1,800 ya feteleza mu Novembala. Mayi anga anadikira kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga chinafika m'mawondo, ine ndikuwauza kuti abwana sanatilipire. Mu Januwale lendi inaperewera, ndipo ndinakatenga katapila kwa mashonisa wa m'dera lathu, amene mpaka pano ndikumubwezera. Ndalama ya chipereganyu cha amayi a kutchalitchi, imene mayi a kunyumba ankasunga kuti ikwane yunifomu ndi nsapato za mwana, nayonso ndinaigwira. Imeneyo ndiyo inaulula zonse.

Sindikunena kuti munandibera, ndipo sindikupempha kuti mundibwezere zimene ndinaluza. Ndinkadina ndekha. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mudziwe. Mu Disembala ndinakhala pafupifupi mwezi wonse osalowa pa akaunti, ndipo pakhomo panayamba kuoneka kusintha. Kenaka unabwera uthenga wa pafoni wonena kuti mwandisowa ndipo mwandipatsa bonasi. Unafika tsiku la malipiro. Kaya zinangochitika kaya makina anu amadziwa tsiku limene anthu amalandira, ine ndinalowa usiku womwewo. N'chifukwa chake nkhani ya mauthenga ndikuitenga kukhala yaikulu ngati kutseka akaunti kwenikweniko. Kuyambira lero musanditumizirenso uthenga wotsatsa malonda, kaya pa SMS, pa imelo, pa WhatsApp kapena poimba foni. Chilolezo chilichonse chimene ndinapereka polembetsa ndachibweza, monga lamulo loteteza mbiri ya munthu la POPIA likundilolera. Musaperekenso nambala yanga kwa makampani amene mumagwira nawo ntchito yotsatsa.

Chiletsochi chikhudze dzina langa, pasipoti yanga, nambala ya foni, imelo ndi akaunti ya kubanki, kuti ndisathe kutsekula akaunti ina ndi nambala yatsopano. Simukhadi ndi yotsika mtengo m'tauni muno, ndipo ine ndikudzidziwa. Chikhudzenso mashopu anu onse ndi mayina ena alionse amene kampani yanu imagwiritsa ntchito pa intaneti. Ndikudziwa kuti lamulo limakuuzani kusunga mbiri ya makasitomala kwa zaka zingapo. Sungani, ndipo muigwiritse ntchito pondizindikira ndi kundibweza ndikadzayesa kulowa.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsetse bwino. Tsiku lina mukhoza kudzalandira uthenga wochokera kwa ine ndemwe, wolembedwa mwaulemu, wonena kuti ndinachira, ndapeza ntchito yabwino, ndipo ndikungofuna kuika R50 pa fainolo. Musadzaukhulupirire. Kalata ino ndailemba masana, nditadya, mutu uli bwino, mayi a kunyumba ali pambali panga. Uthenga umenewo udzalembedwa usiku, ndili ndekha. Pa ziwirizi mudzamvere ino.

Mu akaunti mwatsala R312. Muitumize ku akaunti yanga ya kubanki imene munatsimikizira kale, osati kuisandutsa bonasi kapena vaucha. Pali tikiti imodzi ya mpira wa Loweruka likubwerali yomwe sinathe. Ngati malamulo anu amalola, ifafanizeni ndi kubweza ndalama yake. Ngati salola, chilichonse chotulukapo chipite kubanki komweko popanda ine kulowanso pa akaunti. Munditumizirenso pa imelo mndandanda wonse wa ndalama zimene ndinaika ndi kutapa kuyambira tsiku lolembetsa. Mlangizi amene ndayamba kuonana naye akuufuna, ndiponso mayi a kunyumba ayenera kuona zonse, kuphatikizapo za mavaucha zija.

Ndinaimba kale pa nambala yaulere ya South African Responsible Gambling Foundation, 0800 006 008, ndipo ndi kumene ndinapezera mlangiziyo. Ndikukalembetsanso ku Gauteng Gambling Board kuti dzina langa lilowe m'kaundula wa anthu oletsedwa kutchova juga, monga gawo 14 la National Gambling Act ya 2004 likunenera. Koma musadikire zimenezo. Pempho lino ndi la kwa inu, ndipo liyambe kugwira ntchito pamene mwalilandira. Ngati pali fomu yoti ndisaine, itumizeni pa imelo, akaunti ili yotseka kale. Musandiuze kuti ndikasainire ku shopu yanu.

Ndikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 7, lotsimikiza tsiku ndi nthawi imene mwatsekera, kuti chiletso n'chosatha, ndiponso kuti dzina langa lachotsedwa pa mndandanda wa otumiziridwa malonda. Masikuwo akadutsa akaunti ikadali yotsekula, ndidzapereka dandaulo ku bungwe limene linakupatsani laisensi, ndipo za mauthenga ndidzakadandaula ku Information Regulator, bungwe loona za lamulo la POPIA. Kalatayi ndasunga ina yofanana nayo, ndipo mayi a kunyumba ali ndi yawo.

Ine,
Mwini wa akaunti, amene siginecha yake ili pa chithunzi cha pasipoti chophatikizidwachi