Achinyamata a ku Mangochi ndi Masamba a Mchezo: Zomwe Gulu Lathu Lapeza

WOYANKHULA WOYAMBA (chithunzi 1: mapu a boma la Mangochi)

Aphunzitsi aakulu, aphunzitsi athu, makolo a m'komiti ya sukulu ndi ophunzira anzathu, zikomo potipatsa mpata uno. Funso la gulu lathu linali lakuti: kodi masamba a mchezo akusintha bwanji momwe wachinyamata wa kuno amadzionera, komanso momwe amafunira kuti anthu azimuonera?

Tinacheza ndi achinyamata 36 a zaka 15 mpaka 24, atsikana 18 ndi anyamata 18, pa Boma, ku Namwera ndi ku Makawa. Mafunso anali 12, m'Chichewa ndi m'Chiyao. Kwa amene sanakwane zaka 18 tinayamba tapempha chilolezo cha makolo, ndipo sitinalembe dzina la aliyense. Atsikana tinacheza nawo paokha, chifukwa pamaso pa anyamata nkhani ya zithunzi ikangoyamba amangoti zii.

WOYANKHULA WACHIWIRI (chithunzi 2: WhatsApp, Facebook, TikTok)

Munthu mmodzi yemweyo amaoneka mosiyana pa tsamba lililonse, ndipo chimene chimamusintha ndi amene akumuyang'ana. Pa WhatsApp pali mayi, amalume, a kumzikiti kapena a kutchalitchi, choncho chithunzi chimakhala chaulemu. Pa Facebook ambiri amalemba dzina lodzipatsa okha kuti achibale asawapeze. TikTok ndi ya magule ndi nthabwala, koma imadya bandulo msanga, moti ambiri amangoonera mavidiyo amene anzawo awatumizira.

Chilankhulo nachonso chimasintha. Amene kunyumba amayankhula Chiyao amalemba Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi pagulu, Chiyao n'kuchisungira mauthenga a mawu. Ena anati kuchilemba n'kovuta poti kusukulu sanachiphunzire, ena anati amaopa kusekedwa. Chifukwa chachiwirichi chinatikhudza kwambiri.

Ndiye pali nkhani ya ku Joni. Mnyamata amene akugulitsa usipa kapena kupalasa kabaza amatsegula foni n'kuona mnzake wa m'kalasi ataima pambali pa galimoto, nsapato zili mbee. Chithunzicho sichinena kuti galimotoyo ndi ya ndani, kapena kuti m'chipinda chomwe akugona alimo angati. Anyamata angapo anatiuza kuti akaona zimenezi sukulu amaiona ngati yochedwetsa.

WOYANKHULA WACHITATU (chithunzi 3: foni imodzi, manja anayi)

Apa ndi pomwe tikupempha kuti mutchere khutu. Vuto lomwe linatchulidwa kawirikawiri silinali la anthu achilendo a pa intaneti ayi, koma la foni yobwereka. Mtsikana amalowa pa Facebook pa foni ya mchimwene wake kapena ya chibwenzi, bandulo n'kuthera pakati, iye n'kubweza foni asanatuluke. Wotsala nayo amawerenga mauthenga, amalemba m'dzina lake, mwinanso kusunga zithunzi zoti adzamuopseze nazo chibwenzi chikadzatha. Zomwezi zimachitika foni ikasiyidwa yosakiya kotchajitsa kapena kokonzetsa.

Tikulangiza izi. Mukabwereka foni, musavomere kuti isunge mawu anu achinsinsi, ndipo musanabweze dinani Log out. Pa WhatsApp pitani ku Settings, kenako Account, n'kuyatsa Two-step verification. Mudzaika manambala 6 odziwa inu nokha. Ku Privacy, pa Profile photo sankhani My contacts. Manambala obwera pa uthenga otsimikizira akaunti musapatse munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya mafoni. Kumbukiraninso kuti Status imachoka pakatha maola 24, koma amene waijambula pa foni yake amakhala nayo mpaka kalekale.

Wina akakuopsezani, musafufute mauthengawo. Ajambuleni, tsiku ndi nambala zioneke, chifukwa umboni ndi womwewo. Uzani wamkulu amene mumamukhulupirira, imbani nambala yaulere ya 116, kapena pitani ku ofesi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Lamulo la mu 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta.

WOYANKHULA WOYAMBA (chithunzi 4: zopempha zathu)

Anthu 36 sangayankhulire boma lonse, komanso kumidzi yovuta netiweki sitinafike. Komabe zomwe tamva zikukwanira kuti tipemphe zinthu ziwiri. Kwa aphunzitsi, tipatseni phunziro limodzi pa teremu loti ophunzira ayeserere kukiya akaunti pa foni yeniyeni, osati kungokopera pa bolodi. Kwa makolo, mwana akabwera kudzadandaula, musayambe ndi kumulanda foni. Atsikana anatiuza kuti kuopa kulandidwa foni ndi kumene kumawachititsa kubisa mpaka zinthu zitafika poipa.

Zikomo kwambiri. Tsopano tilandira mafunso, kuyambira kwa makolo.